Mabokosi asanu ndi anayi, mivi khumi: kufotokozera munthu wosaona chithunzi cha maseva

Munthu wosaona akamawerenga pa kompyuta, amadalira pulogalamu imene imamuwerengera mokweza zonse zimene zili pa sikirini. Pulogalamuyo imadutsa bwinobwino m'mitu, m'ndime ndi m'mindandanda, koma ikafika pa chithunzi imadalira mawu amene mlembi anasiya kuseri kwa chithunzicho. Ngati mlembi sanasiyepo kanthu, mapulogalamu ena amangotchula dzina la fayilo, mwina `arch_final_v3.png`, n'kupitirira. Ndime yotsatira n'kuyamba ndi mawu akuti "monga mukuonera pamwambapa".

Chithunzi cha munthu kapena cha galimoto sichivuta kufotokoza: chiganizo chimodzi chimakwana. Zimasintha chikakhala chithunzi chimene akatswiri a makompyuta amajambula posonyeza momwe maseva, nkhokwe za deta ndi mapulogalamu amalumikizirana. Pamenepo pamakhala mabokosi ambiri, mivi yopita uku ndi uku, mipanda yozungulira magulu a mabokosi, ndiponso mitundu yosiyanasiyana yokhala ndi tanthauzo. Nthawi zambiri mfundo yaikulu ya chikalata chonse imakhala m'chithunzicho. Wophunzira wosaona amene akukonzekera mayeso, kapena katswiri wosaona amene wangoyamba ntchito pa kampani, akaphonya chithunzicho ndiye kuti waphonya chikalata.

Vutoli n'lofala. Bungwe la WebAIM la ku America limayeza chaka ndi chaka masamba oyamba a mawebusayiti miliyoni imodzi, ndipo mu 2024 linapeza kuti masamba opitirira theka anali ndi zithunzi zopanda mawu oziimira. Malamulo okha alipo kale. Malangizo a WCAG, amene bungwe la W3C linatulutsa koyamba mu 1999 n'kuwakonzanso mu 2008, 2018 ndi 2023, ali ndi mfundo ya nambala 1.1.1 yofuna kuti chilichonse chimene si mawu chikhale ndi mawu ogwira ntchito yofanana nacho. Chimene chimavuta ndi kalembedwe kake.

Khutu limamva chimodzichimodzi

Mapulogalamu owerengera anthu osaona odziwika kwambiri ndi JAWS ndi NVDA pa makompyuta a Windows, VoiceOver pa zipangizo za Apple, ndi TalkBack pa mafoni a Android. NVDA ndi yaulere. Anaiyambitsa mu 2006 Michael Curran wa ku Australia, ndipo anaikulitsa limodzi ndi James Teh. Onse awiri ndi osaona.

Wogwiritsa ntchito mapulogalamuwa sakhala phee kumvetsera tsamba kuyambira pamwamba mpaka pansi. Amadumphadumpha. Mu NVDA, batani la `H` limamufikitsa pa mutu wotsatira, `L` pa mndandanda, `T` pa tebulo, `G` pa chithunzi. Akalowa m'tebulo amayenda bokosi ndi bokosi pogwira `Ctrl` ndi `Alt` pamodzi ndi mabatani a mivi. Ena amawerenga ndi zala pa kachipangizo kotulutsa zilembo za anthu osaona, ndipo tambiri mwa tizipangizoti timaonetsa zilembo 40 zokha pa nthawi imodzi.

Apa ndi pamene chithunzi cha maseva chimasiyanirana ndi mawu. Diso limaona mabokosi onse nthawi imodzi, limazindikira limene lili pakati, n'kubwerera pamene lafuna. Khutu limalandira chinthu chimodzi, kenako china, ndipo zimene zadutsa ziyenera kusungidwa m'mutu. Tsono mawu oikidwa mu `alt`, malo amene chilankhulo cha HTML chinapatula kuti muzikhala mawu oimira chithunzi, ndi chingwe chimodzi chosadukiza. Mulibe mitu, mulibe mndandanda, mulibe tebulo, ndiye kuti mabatani odumphira aja sagwiramo ntchito. Mlembi akathira ziganizo makumi awiri mmenemo, womvera amene wasokonezeka pa chiganizo chachisanu ndi chitatu alibe chizindikiro chomuthandiza kupeza pamene anasochera.

N'chifukwa chake chithunzi chovuta chimafuna mafotokozedwe awiri: achidule okhala mu `alt`, ndi aatali okhala pa tsamba penipeni, pamene munthu angayendemo momwe wafunira.

Chitsanzo: tsamba la Wikipedia likamabwera pa foni

Chitsanzo chabwino ndi makina amene amatumiza masamba a Wikipedia, kuphatikizapo a m'Chichewa, chifukwa bungwe la Wikimedia limafotokoza poyera momwe makinawa amagwirira ntchito. Bungweli lili ndi malo awiri aakulu a maseva ku America, ku Ashburn m'chigawo cha Virginia ndi ku Carrollton m'chigawo cha Texas. Lilinso ndi malo ang'onoang'ono osungira makope a masamba pafupi ndi owerenga, monga ku Amsterdam, Marseille, Singapore, San Francisco ndi São Paulo.

Mphunzitsi wofuna kufotokozera ophunzira ake makinawa angajambule chithunzi chofupikitsa, chosiya zigawo zina, chokhala ndi mabokosi asanu ndi anayi. Awiri ali kunja kwa mipanda: foni ya wowerenga, ndi DNS, imene imauza foniyo adiresi ya malo oyenera kupitako. Mumpanda woyamba, wa malo apafupi, muli mabokosi awiri: LVS, imene imagawa mapempho kuti seva imodzi isalemedwe, ndi maseva a makope, amene amayendetsa mapulogalamu a Varnish ndi Apache Traffic Server. Mumpanda wachiwiri, wa malo aakulu, muli mabokosi asanu: MediaWiki, pulogalamu imene imapanga tsamba, Memcached, imene imasunga kwa kanthawi zinthu zofunidwa kawirikawiri, nkhokwe yaikulu ya MariaDB, nkhokwe zokopera, ndi Kafka, imene imanyamula mauthenga kuchokera ku chigawo china kupita ku china.

Mivi ilipo khumi. Isanu ndi iwiri ndi yosaduka, ndipo ikusonyeza pempho lopita kukafunsa kanthu n'kudikira yankho. Itatu ndi yodukizadukiza, ndipo ikusonyeza uthenga umene umatumizidwa pambuyo, wowerenga osaudikira.

Mlembi asanalembe liwu lililonse ayenera kudziwa chifukwa chimene chithunzicho chaikidwira pa tsambalo. Chithunzi chomwechi chingaikidwe m'mutu wonena za liwiro, kapena wonena za chitetezo, kapena wonena zimene zimachitika malo aakulu amodzi akazima, ndipo mafotokozedwe ake angasiyane m'mitu itatuyi. M'chitsanzochi mutu wake ndi liwiro. Mphunzitsi akufuna ophunzira aone kuti mapempho ambiri amathera pa maseva a makope osafika n'komwe ku malo aakulu, ndiponso kuti munthu akasintha nkhani, makope akale ayenera kufufutidwa.

Mawu achidule: atatu olakwika ndi amodzi oyenera

Kulakwa koyamba ndi kulemba dzina lokha: "Chithunzi cha maseva a Wikipedia". Makina oyeza masamba amavomereza mawuwa, chifukwa mu `alt` muli kanthu. Koma womvera wangodziwa kuti pali chinthu chimene anzake akuona, iye ayi.

Kulakwa kwachiwiri ndi kufotokoza maonekedwe: "Kumanzere kuli bokosi lobiriwira, pakati pali mabokosi awiri achikasu, kumanja kuli migolo iwiri, ndipo mivi ikulumikiza zonsezi." Zonsezi n'zoona, koma palibe amene angayankhe nazo funso la mayeso. Ojambula zithunzizi amakonda kujambula nkhokwe ya deta ngati mgolo, ndipo chofunika kwa womvera n'choti imeneyo ndi nkhokwe, osati kuti ikuoneka ngati mgolo. Chimodzimodzinso mtundu. Ngati chikasu chikutanthauza malo apafupi, mlembi anene kuti malo apafupi, chikasucho achisiye.

Kulakwa kwachitatu ndi kukopera mayina onse a m'mabokosi motsatizana: "DNS, LVS, Varnish, MediaWiki, Memcached, MariaDB, Kafka". Mayina alipo, koma mivi yatayika, ndipo nzeru ya chithunzi cha mtunduwu ili m'mivi.

Mawu achidule oyenera amachita ntchito zitatu. Amanena mtundu wa chithunzi, amanena mfundo yake yaikulu, ndipo amalozera kumene kuli mafotokozedwe aatali.

```html
<img src="wikipedia-maseva.png"
  alt="Kayendedwe ka pempho la tsamba la Wikipedia:
  mapempho ambiri amayankhidwa ndi maseva a makope,
  otsala amapita ku MediaWiki ndi nkhokwe za MariaDB.
  Mafotokozedwe onse ali pansi pa chithunzichi.">
```

Palibe chifukwa choyambira ndi mawu akuti "chithunzi cha", popeza pulogalamu imanena yokha kuti yafika pa chithunzi. Anthu ena amati mawuwa asapitirire zilembo 125. Limenelo si lamulo la HTML kapena la WCAG, ndipo chitsanzo chapamwambachi chapitirira. Muyezo wothandiza ndi woti womvera athe kugwira zonse atamva kamodzi, n'kusankha ngati akufuna kulowa m'mafotokozedwe aatali kapena kupitirira.

Mafotokozedwe aatali: kutsatira pempho

Woulutsa mpira pa wailesi satchula malo amene osewera onse 22 aima. Amayamba ndi matimu ndi mayina, kenako amatsatira mpira: wachoka kwa uyu, wapita kwa uyo, wabwerera. Kufotokoza chithunzi cha maseva kumayenda chimodzimodzi, ndipo chotsatiridwa chake ndi pempho.

Gawo loyamba ndi chithunzithunzi cha zonse, m'ziganizo ziwiri kapena zitatu: "Chithunzichi chili ndi zigawo zisanu ndi zinayi. Ziwiri zili kunja, ziwiri zili m'malo apafupi, zisanu zili m'malo aakulu. Pali njira zitatu: kuwerenga tsamba limene kope lake lilipo, kuwerenga tsamba limene kope lake palibe, ndi kusintha tsamba." Manambalawa ali ndi ntchito. Womvera akauzidwa kuti zigawo ndi zisanu ndi zinayi, amadziwa kukula kwa zimene zikubwera, ndipo akafika pa chachisanu ndi chimodzi amadziwa kuti zatsala zitatu.

Gawo lachiwiri ndi mndandanda wa zigawo, woikidwa m'magulu motsatira mipanda. Mpanda uliwonse umasanduka kamutu, ndipo pansi pake bokosi lililonse limapatsidwa mzere umodzi wonena dzina ndi ntchito. Mpanda ukakhala mkati mwa mpanda wina, mndandanda nawonso umalowa mkati mwa unzake. Motero mfundo yoti ichi chili mkati mwa icho, imene diso limaiona pa mzere wozungulira, khutu limaimva pa kasanjidwe ka mitu.

Gawo lachitatu ndi njira, iliyonse ndi kamutu kake ndi masitepe a manambala. Njira yoyamba ingalembedwe motere:

1. Foni imafunsa DNS adiresi ya Wikipedia, ndipo imapatsidwa adiresi ya malo apafupi.
2. Foni imatumiza pempho ku LVS ya pamalopo.
3. LVS imapereka pempholo kwa imodzi mwa maseva a makope.
4. Kope likakhalapo, seva imalibweza ku foni. Njira yathera pomwepa.

Njira yachiwiri siyenera kubwereza zonse. Imangoti masitepe atatu oyamba ndi omwewo, n'kupitiriza:

4. Kope likakhala palibe, seva ya makope imatumiza pempho ku MediaWiki ku malo aakulu.
5. MediaWiki imayamba yafunsa Memcached.
6. Zimene sizinapezeke mu Memcached imakaziwerenga m'nkhokwe zokopera.
7. MediaWiki imapanga tsamba n'kulibweza ku seva ya makope, imene imasunga kope n'kutumiza tsambalo ku foni.

Njira yachitatu ndi imene ili ndi mivi yodukizadukiza ija. Munthu akasunga zimene wasintha, pempho lake limadutsa pa maseva a makope osayankhidwa pamenepo, n'kufika ku MediaWiki, imene imalemba m'nkhokwe yaikulu. Pambuyo pake pamachitika zinthu ziwiri zimene munthuyo sazidikira. Nkhokwe yaikulu imatumiza zosinthazo ku nkhokwe zokopera. MediaWiki nayo imaika uthenga mu Kafka, ndipo uthengawo umafika ku maseva a makope a malo onse kuti afufute kope lakale.

Mawu akuti "sazidikira" ndiwo alowa m'malo mwa mzere wodukizadukiza. Mlembi akanangoti muviwo ndi wodukizadukiza, womvera akanayenera kukumbukira tanthauzo limene linalembedwa m'kabokosi ka pakona. Tanthauzolo likanenedwa pomwe likufunika, wophunzira amatha kuona yekha chifukwa chimene munthu wina angalandirebe tsamba lakale kwa kanthawi kochepa nkhani itasinthidwa kale.

Muvi uliwonse umafuna zinthu zitatu: kumene wachokera, kumene wapita, ndi chimene wanyamula. Mawu akuti "MediaWiki yalumikizidwa ndi MariaDB" sakwanira, chifukwa sanena amene amayamba kulankhula, sanena ngati n'kuwerenga kapena kulemba, ndiponso sanena kuti ndi nkhokwe iti mwa ziwirizo. Mneni weniweni ndiye amathetsa vutoli: imafunsa, imalemba, imakopera, imafufuta.

Dzina nalonso lisasinthesinthe. Bokosi likatchedwa "maseva a makope" pa mndandanda, likhale lomwelo mpaka kumapeto. Kusukulu amaphunzitsa kupewa kubwereza mawu, koma pano mlembi akalitcha "Varnish" m'sitepe ina ndi "seva yakutsogolo" m'sitepe ina, womvera amawerenga mabokosi atatu pamene pali limodzi. Ndipo dzinalo lifanane ndi lolembedwa pa chithunzi, kuti pa msonkhano mnzake woona akatchula bokosi, onse awiri adziwe kuti akunena chinthu chimodzi.

Zithunzi zina zilibe njira yoti n'kuitsatira. Mapulogalamu ang'onoang'ono makumi awiri amene amaitanizana mbali zonse sapanga nkhani yokhala ndi chiyambi ndi mathero. Pamenepo tebulo ndilo limathandiza: mzere umodzi pa muvi uliwonse, ndi mizati itatu yakuti "kuchokera", "kupita" ndi "chonyamulidwa". Mizere ikasanjidwa motsatira bokosi lochokera, womvera amatha kutsika ndi mzati woyamba mpaka atapeza pulogalamu imene akuifuna. Tebulolo liyenera kukhala lenileni, lokhala ndi mitu ya mizati yolembedwa ndi `th`, kuti pulogalamu izitchula mutu wa mzati munthu akamasuntha.

Poika mafotokozedwewo

HTML 4, imene inatuluka mu 1997, inabweretsa `longdesc`, malo oikamo adiresi ya tsamba lina lokhala ndi mafotokozedwe aatali. Olemba ambiri sankaigwiritsa ntchito molondola, anthu oona sankadziwa n'komwe kuti ilipo, ndipo masiku ano muyezo wa HTML umaiika m'gulu la zinthu zotha ntchito.

Njira ina imene imakopa olemba ndi `aria-describedby`, imene imamangirira chithunzi ku mawu ena a pa tsamba. Imathandiza pa chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Koma pulogalamu ikamawerenga kudzera m'njirayi, imaphwanya kasanjidwe konse: mitu, manambala ndi matebulo zimasanduka chingwe chimodzi chija. Inzake yotchedwa `aria-details` inapangidwa kuti isunge kasanjidwe, koma si mapulogalamu onse amene amaitsatira mofanana.

Chodalirika ndi kuika mafotokozedwe poonekera, pansi pa chithunzi penipeni. Ngati akutalikitsa tsamba, angapindidwe kuti azitseguka munthu akadina:

```html
<details>
  <summary>Mafotokozedwe a kayendedwe ka pempho</summary>
  <h3>Zigawo</h3>
  <h3>Njira yoyamba</h3>
</details>
```

Kuika poonekera kuli ndi phindu lina. Munthu woona pang'ono, amene amakulitsa sikirini kanayi n'kumaona kachigawo kokha ka chithunzi, amawerenga mawuwo. Wowerenga pa foni yaing'ono, kapena amene intaneti yake ikukanika kutsitsa chithunzi, amawawerenganso. Komanso cholakwa chikakhala poonekera, wina amachiona n'kuchikonza, pamene mawu obisika amatha zaka ali olakwika.

M'chikalata cha Word kapena PowerPoint mfundo ndi yomweyo, koma pali msampha wake. Chithunzi chojambulidwa ndi timabokosi ndi timivi tapatokhapatokha chimawerengedwa kachidutswa ndi kachidutswa, kawirikawiri m'dongosolo losagwirizana ndi kayendedwe ka pempho. Mlembi ayenera kumanga tizidutswato kukhala gulu limodzi, kulipatsa mawu achidule, n'kulemba mafotokozedwe aatali m'chikalata momwemo.

Akatswiri ambiri masiku ano salemba chithunzi ndi dzanja koma ndi mawu, pogwiritsa ntchito zida monga Graphviz, PlantUML ndi Mermaid, ndipo kompyuta ndiyo imajambula. Mermaid ili ndi malo ake a mutu ndi mafotokozedwe:

```
flowchart LR
  accTitle: Kusintha tsamba
  accDescr: MediaWiki imalemba, makope akale amafufutidwa
  MediaWiki --> Yaikulu
  Yaikulu -.-> Zokopera
```

Katswiri wosaona angathe kuwerenga mizere imeneyi, ngakhale kuisintha, choncho ndi bwino kuipereka pamodzi ndi chithunzi. Koma siilowa m'malo mwa mafotokozedwe. Imanena muvi uliwonse, osanena kuti wofunika kwambiri ndi uti, ndipo wophunzira woyamba kumene sadziwa kuti `-.->` ndi chiyani.

Kudziwa ngati zatheka

Kuyeza koyamba ndi kuwerengera. M'chitsanzo cha Wikipedia, mlembi amadutsa m'mafotokozedwe ndi pensulo, n'kumachonga muvi uliwonse pa chithunzi akaupeza m'mawu. Njira yoyamba yatenga mivi itatu: foni ku DNS, foni ku LVS, LVS ku maseva a makope. Yachiwiri yawonjezera itatu: maseva a makope ku MediaWiki, MediaWiki ku Memcached, MediaWiki ku nkhokwe zokopera. Yachitatu yawonjezera inayi: MediaWiki ku nkhokwe yaikulu, nkhokwe yaikulu ku zokopera, MediaWiki ku Kafka, Kafka ku maseva a makope. Yonse pamodzi khumi. Ikanakwana isanu ndi inayi, ndiye kuti wina watsala, ndipo wosavuta kuiwala ndi wobwerera m'mbuyo, monga wa Kafka uja.

Kuyeza kwachiwiri ndi kujambulitsa. Mnzake wa mlembi amene sanaonepo chithunzicho amapatsidwa mawu okha, pepala ndi cholembera. Zilibe kanthu ngati waika DNS kumanja m'malo mwa kumanzere. Chofunika n'choti mabokosi akwane, aliyense akhale mumpanda wake, ndipo mivi iloze koyenera. Pamene waima n'kufunsa kuti "kodi uthengawu ukupita ku malo amodzi kapena onse?", pamenepo ndi pamene mawu aperewera.

Kuyeza kwachitatu ndi kumvetsera. Mlembi amatsegula NVDA kapena TalkBack, n'kuyenda pa tsamba ndi mabatani okha. Apa ndi pamene zimadziwika kuti mitu ina inangodetsedwa zilembo koma si mitu yeniyeni, choncho `H` akuidumpha. Apanso ndi pamene zimamveka kuti zizindikiro monga `->` zikutchulidwa modabwitsa kapena sizikutchulidwa n'komwe, malinga ndi momwe mwini pulogalamu anaitcherera. M'mafotokozedwe, muvi ulembedwe ndi mawu. Koposa zonsezi ndi kupereka tsambalo kwa munthu wosaona wodziwa ntchitoyo, chifukwa iye amagwiritsa ntchito pulogalamuyo tsiku lililonse, pa liwiro ndi m'njira zimene woyesa wa tsiku limodzi sangazifike.

Kulemba mafotokozedwe kumavumbulanso zofooka za chithunzi chenichenicho. Mlembi akafika pa mzere wopanda mutu wa muvi, kapena muvi wa mitu iwiri wopanda dzina, amakakamizika kusankha mneni, ndipo nthawi zina amapeza kuti sakudziwa chimene mzerewo ukutanthauza. Asaganizire. Afunse amene anajambula, ndipo chithunzicho chikonzedwe. N'chifukwa chake woyenera kulemba mafotokozedwe ndi wojambula mwini wake kapena wina wodziwa makinawo, osati munthu wongoika zinthu pa webusayiti amene wapatsidwa chithunzi chomalizidwa kale.

Pamene mawu amalephera

Chithunzi cha mabokosi makumi asanu sichifotokozeka bwino, ngakhale mlembi atakhala waluso chotani, ndipo anthu oona nawonso sachimvetsa. Mankhwala ake ndi kuchigawa. Njira ya C4, imene anaiyambitsa katswiri wa mapulogalamu Simon Brown, imagawa makina m'magawo anayi: loyamba limasonyeza makina onse ngati bokosi limodzi pakati pa anthu ndi makina ena, ndipo lililonse lotsatira limatsegula bokosi limodzi kuti zamkati zioneke. Chithunzi chilichonse chikakhala ndi mfundo imodzi, mafotokozedwe ake amafupika, ndipo mitu ya pa tsamba imatsatira magawo omwewo.

Vuto lomaliza ndi nthawi. Makina amasintha: Wikimedia inatsegula malo a ku Marseille mu 2022 ndi a ku São Paulo mu 2024, ndipo mafotokozedwe olembedwa zaka zimenezi zisanafike amatchula malo operewera. Chithunzi chikajambulidwanso koma mawu n'kusiyidwa, wowerenga wosaona amaphunzira makina amene kulibenso, ndipo alibe njira yodziwira kuti akunamizidwa. Magulu osamala amasunga chithunzi ndi mafotokozedwe ake m'fayilo imodzi kapena m'chikwatu chimodzi, amalemba deti pa zonse ziwiri, ndipo woona ntchito savomereza kusintha kwa chithunzi ngati mawu ake sanasinthidwe nawo.